Andituma ku Mangochi, ndipo anzanga andiuza kale mmene Ayao alili

*Ndine namwino komanso mzamba, kwathu ndi ku Mchinji. Andituma kukagwira ntchito pa chipatala chaching'ono m'boma la Mangochi. Ndisananyamuke n'komwe anzanga andidzaza kale m'mutu: ati Ayao sakonda sukulu, ati amayi achisilamu salankhula mwamuna wawo palibe, ati ikafika Ramazani odwala amasiya mankhwala. Chiyao sindichidziwa. Ndikalankhule nawo bwanji anthu amenewa kuti ndisawalakwire, komanso ndisawatenge ngati onse ndi amodzi?*

Achemwali, zimene anzanuwo akuuzani musazitaye kudzala, komanso musazimeze. Chilichonse mwa zitatuzo chili ndi pamene chinachokera, ndipo mukakumanadi ndi munthu amene chikumukhudza. Vuto lake ndi lakuti simungadziwe kuti munthuyo ndi uti pomuyang'ana nkhope, mpango wa kumutu kapena dzina lolembedwa pa kabuku kake ka kuchipatala. Zimene mukudziwa za mtundu wa anthu zimakuthandizani kudziwa zoyenera kufunsa. Yankho lake limachokera kwa iye amene wakhala pa benchi patsogolo panu.

Tiyambe ndi boma lenilenilo, chifukwa anthu akati Mangochi amaona mtundu umodzi ndi chipembedzo chimodzi. Ndi zoona kuti Ayao ndiwo ochuluka, ndipo Asilamu amaposa theka la anthu a m'bomalo. Kwa Makanjira, kwa Jalasi, kwa Katuli ndi ku Namwera mudzamva Chiyao kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma mukaolokera mbali ya kwa Nankumba, cha ku Monkey Bay, mudzapeza midzi yambiri ya Anyanja ndi Achewa, Akhristu ali mbwee. M'madooko a nsomba muli Atonga ndi Atumbuka amene anabwera ndi makoka ndi zilimira kalekale, ana awo n'kubadwira komweko. Pa Malindi pali mishoni ya Angilikani ndi chipatala cha St Martin's, ndipo mabanja ambiri ozungulira pamenepo ndi Ayao achikhristu kuchokera kwa agogo awo. Choncho musanafunse kuti Ayao amatani, dziwani kaye midzi imene chipatala chanu chimatumikira. Alangizi a zaumoyo a pamalopo adzakuuzani zimenezi pa tsiku limodzi, mudzi ndi mudzi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Ayao ndi pafupifupi anthu 13 pa 100 alionse m'Malawi, ndipo Asilamu ndi pafupifupi 14 pa 100. Manambalawo ayandikana, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti ndi anthu omwewo. Si choncho. Ku Nkhotakota kuli Achewa ambirimbiri achisilamu kuyambira nthawi ya Jumbe, cha m'ma 1840. Ku Zomba, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre kuli Ayao amene ndi akuluampingo mu CCAP ndi ku Katolika. Dzina nalo limanamiza. Mayi wotchedwa Amina akhoza kukhala kuti anakwatiwa ndi Mkhristu ndipo amayimba kwaya, pamene wotchedwa Mariya akhoza kukhala Msilamu wosaphonya swala. Ngakhale Asilamu okhaokha sachita zinthu mofanana. Akadiriya amachita sikiri, kutchula dzina la Mulungu moyimba mokweza, pa maliro, a Sukuti amaika maliro mwakachetechete, ndipo magulu awiriwa akhala akutsutsana pa zimenezi kwa zaka zambiri.

Inu nomwe ndinu chitsanzo. Munthu wa ku Mangochi akamva kuti ndinu wa ku Mchinji, akhoza kungoti uyu ndi Mchewa wa kudambwe, pamene mwina ndinu Mngoni wa kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni, kapenanso Mchewa amene sanaonepo Gule Wamkulu chifukwa anakulira pa mishoni. Mmene zingakuwawireni zimenezo ndi mmenenso zimamuwawira mnzanu.

Njira imene ndimaphunzitsa anamwino atsopano ndi iyi: mafunso okhudza chikhalidwe muzifunsa wodwala aliyense, mofanana, ndipo azikhudza ntchito imene mukugwira nthawi imeneyo. Simufunsa kuti ndinu mtundu wanji kapena mumapemphera kuti. Mumafunsa ngati pali masiku amene amasala kudya, ngati pali zakudya zimene sadya, amene amafuna kuti adziwe za matenda awo, ndi chilankhulo chimene amamasuka nacho. Mukamafunsa aliyense, palibe amene amamva ngati mwamusankha chifukwa cha chovala chake, ndipo inu simutsamira pa maso anu, amene ndiwo amakunamizani. Paja safunsa anadya phula, koma kufunsa kwake kukhale kwa onse.

Nkhani ya Ramazani, mwezi wosala kudya kumene Asilamu amati kumanga, ndiyo ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi pamene kuganizira munthu kungathe kumupha.

Titenge mayi wa zaka 48, wodwala shuga, amene amabwera ku kiliniki mwezi ndi mwezi. Amamwa metifomini wa 500 mg katatu pa tsiku, ndi gilibenkilamayidi wa 5 mg m'mawa. Wavala hijabu. Kwatsala milungu itatu kuti mwezi uoneke. Namwino akhoza kulakwitsa m'njira zitatu, ndipo zonse ndi zongoganizira. Woyamba amati, mayi uyu ndi Msilamu, amanga basi, anthu amenewa samva, ndiye amangomupatsa mankhwala n'kuitana wotsatira. Wachiwiri amati, mayi uyu akudwala, ndipo chipembedzo chake chimalola odwala kudya, ndiye samanga, nayenso osanena kanthu. Pali wachitatu amene amalalata kuti, "Mayi, chaka chino musayerekeze kumanga, mufa." Mayiyo amati chabwino, amapita kwawo, n'kukamanga mwakabisira, ndipo sabweranso ku kiliniki mpaka Idi itadutsa poopa kukalipiridwa.

Chimene chimachitika m'thupi mwake ndi ichi. Kumanga kumayamba m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko, mpaka dzuwa litalowa cha m'ma 6 koloko. Kuno kwathu ndi maola 13 kapena 14 osadya, osamwa madzi, osameza piritsi, kwa masiku 29 kapena 30. Gilibenkilamayidi amakankha thupi kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo mphamvu yake imakhala nthawi yaitali. Mayi uja akasamutsira piritsi lake la m'mawa ku chakudya cha m'bandakucha, chimene ambiri amati daku, n'kupita kumunda, pofika masana shuga akhoza kutsika koopsa: kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, kuyankhula zosamveka, mwinanso kukomoka. Akaopa zimenezo n'kungosiyiratu mankhwala onse mwezi wathunthu, uku akumasula ndi tiyi wa shuga wambiri, mandasi ndi mpunga, shuga amakwera mpaka kumuumitsa thupi. Njira ziwiri zonsezi zimathera pa machira.

Ndiye mumayamba bwanji? Mukatha kumuyeza monga mwa nthawi zonse, mumafunsa funso lomwe mwafunsa mayi wa patsogolo pake: "Mayi, pali masiku amene mukuganiza zosala kudya m'miyezi ikubwerayi? Ndikufunsa aliyense, chifukwa mankhwala awa amayendera chakudya." Akati inde, ndimanga, musathamangire kumuletsa. Funsani za chaka chatha. Anamanga masiku onse? Mankhwala ankamwa nthawi yanji? Linalipo tsiku limene anamva chizungulire kapena kugwa? Anachita chiyani? Mayankho amenewa ndi amtengo wapatali kuposa chilichonse chimene munamva za Asilamu, chifukwa akukuuzani mmene thupi la mayi ameneyu limachitira. Mwina akuuzani kuti anamanga masiku khumi okha n'kuleka atadwala. Mwina akuuzani kuti mankhwala onse ankawamwera pamodzi usiku. Mwinanso adzati, ine ndinasiya kumanga zaka zitatu zapitazo, ashehe anandiuza kuti ndizingopereka chakudya kwa osauka, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Akanena kuti amanga, ntchito yanu ndi kuona ngati ali m'gulu la amene ayenera kulangizidwa mwamphamvu kuti asamange. M'gululi muli odwala shuga wa mtundu woyamba amene moyo wawo umadalira insulini, mayi woyembekezera amene ali ndi shuga, amene anakomokapo ndi kutsika kwa shuga m'miyezi itatu yapitayi, ndi amene impso zawo zafooka kwambiri. Ngati mayi wathu sali m'gululi ndipo shuga wake wakhala akuyenda bwino, mumapita naye kwa akiliniko kuti asinthe nthawi ya mankhwala. Kawirikawiri metifomini uja amagawidwa pawiri: 1000 mg pomasula madzulo, 500 mg pa daku. Gilibenkilamayidi amachoka m'mawa n'kupita pomasula, pamene chakudya chachikulu chili, ndipo ngati pali mankhwala ena ofatsirapo m'nkhokwe, akiliniko akhoza kumusinthira. Zimenezi si zosintha nokha pakhonde. Mlingo wake aone ndi amene amalemba mankhwala, ndipo zilembedwe m'kabuku.

Kenako mumagwirizana naye za nthawi yoyenera kumasula dzuwa lisanalowe. Akayeza n'kupeza shuga ali pansi pa 3.9 mmol/L, imene pa makina ena imaoneka ngati 70 mg/dL, amasule pomwepo, ngakhale kutatsala mphindi makumi awiri. Akakwera kupitirira 16.6 mmol/L, kapena 300 mg/dL, chimodzimodzi. Ambiri kumudzi alibe kachipangizo koyezera, ndiye mumamuphunzitsa zizindikiro zija, ndi kuti akaziona amwe madzi osungunuliramo masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenako adye. Wa kunyumba mmodzi adziwenso zimenezi, chifukwa munthu amene shuga wamutsikira nthawi zina sazindikira yekha. Daku asamudumphe, ndipo amudye mochedwerako, kufupi ndi nthawi yoyamba kumanga, osati pakati pa usiku.

Apa ndi pamene kudziwa pang'ono za Chisilamu kumathandiza, koma samalani kagwiritsidwe kake. Kurani, mu sura yachiwiri, ndime 184 ndi 185, imalola wodwala ndi wapaulendo kusamanga n'kudzabweza masikuwo nthawi ina, ndipo amene sangathe n'komwe amadyetsa wosauka. Mayi uja amazidziwa zimenezi kuposa inu. Chimene chimamuvuta nthawi zambiri si lamulo, ndi manyazi odya masana ana ake ndi adzukulu ali omanga, kapena kudziona ngati matenda ake sanafike poti n'kutchedwa matenda. Inu wa ku Mchinji mukayamba kumuwerengera ndime za buku lake, zimamveka ngati chipongwe. Nenani za thupi, zimene ndi gawo lanu: "Mankhwala awa ndi kumanga zikhoza kukugwetsani. Mungakafunse kwa ashehe anu kuti munthu wotere amatani?" Mashehe ambiri amene ndagwira nawo ntchito amauza odwala otere kuti asamange, ndipo mawu awo amalemera kuposa athu. Ena amaopanso kuti kubayidwa pachala poyeza shuga kumaononga kumanga kwawo. Akuluakulu ambiri achisilamu amati sikuononga, koma nalonso ndi funso loti akalimve kwa shehe wawo. Kukadali milungu ingapo mwezi usanaoneke, pemphani mkulu wa chipatala kuti mukaonane ndi mashehe a m'deralo mukambirane zimenezi. Dziwaninso kuti Ramazani imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, ndiye kuti m'zaka zino ikugwa nthawi ya dzinja, pamene anthu ali pa ntchito yakumunda ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu.

Tsopano onani chifukwa chake ndinati funso lija muzifunsa aliyense. Mayi wotsatira pa mzere sanavale mpango, dzina lake ndi lachikhristu, ndipo akumwa gilibenkilamayidi yemweyo. Mpingo wake wa Pentekosite walengeza kusala kwa masiku 21 mu Januwale, kapena akukwera kuphiri masiku atatu osadya osamwa. Iyeyu ndiye ali pangozi yaikulu, chifukwa palibe amene anaganiza zomufunsa, ndipo kusala kwake kulibe daku. N'chimodzimodzi ndi zakudya. Mukamalangiza mayi woyembekezera za zakudya zamagulu, mukhoza kusamala osatchula nkhumba kwa wovala hijabu, n'kumuuza wina kuti azidya mlamba, osadziwa kuti ndi wa Seventh Day ndipo sadya nsomba yopanda mamba. Wa Mboni za Yehova salandira magazi, a mipingo ina ya Apositoli ndi Ziyoni salandira mankhwala ngakhale katemera. Onsewa sadziwika ndi nkhope.

Za amayi osalankhula mwamuna wawo palibe, pamenepo anzanu asakaniza zinthu. Ayao, monga Achewa, amatsata kuchikazi. Mwamuna nthawi zambiri amakakhala kwa mkazi, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwinimbumba ndi mlongo wake wa mayiyo, amene ana amamutcha mjomba. Pa zimenezi mudzapeza kuti kwa Jalasi kukufanana ndi kwanu kuposa mmene kungafananire ndi ku Mzimba kapena ku Nsanje, kumene malowolo amaika ana m'manja mwa bambo. Kuwonjezera apo, m'midzi yambiri ya ku Mangochi amuna ali ku Joni, ena zaka zingapo osabwera, ndipo amayi ndiwo akuyendetsa khomo. Ndiye mayi akangoti zii mutamuuza kuti tikutumizani ku chipatala chachikulu, zifukwa zikhoza kukhala zambiri. Mwina akudikira mwamuna amene ndalama yoyendera imachokera kwa iye pa foni. Mwina ndi amayi ake kapena mjomba amene ayenera kumva kaye. Mwina alibe womusiyira ana ndi mbuzi. Mwina sanamve Chichewa chanu. Mwinanso akungochita mantha ndi mpeni, monga angachitire mayi wa ku Kapiri. Mukangoti ndi chikhalidwe chawo, mwatseka zitseko zonsezi nthawi imodzi, ndipo mukatumiza uthenga kwa munthu wolakwika.

Nthawi yofunsa zimenezi si usiku mayi ali pa matenda ndipo mwana wagona mopingasa. Ndi ku sikelo, ulendo woyamba kapena wachiwiri, zinthu zili bwino. Mumati: "Zikadzavuta pobereka n'kufunika kupita ku Boma, ndani amene mukufuna tidzamuuze? Ndalama yoyendera idzachokera kuti? Adzakudikirirani ndani?" Yankho lake mulilembe m'kabuku, pamodzi ndi nambala ya foni ngati ilipo. Tsiku la vuto mzamba aliyense amene ali pa ntchito adzangotsegula n'kudziwa woimbira. Koma pakhale malire omveka. Mayi wamkulu, wa zaka 18 kapena kuposa, amene mutu wake ukugwira, ndiye amavomereza chithandizo cha thupi lake. Mwamuna, mjomba kapena apongozi amauzidwa ngati mwiniwake wafuna, ndipo nzeru ndi kuwakokera kumbali yanu, koma simudikira chilolezo cha ku Joni magazi akutayika. Kulemekeza chikhalidwe sikufika pamenepo. Ndipo muzipeza mpata, ngakhale wa mphindi ziwiri, wolankhula ndi mayi ali yekha, pomupima kuseri kwa katani. Zimene amanena pamenepo za kulera, za nkhanza kapena za mankhwala a zitsamba amene wamwa nthawi zambiri zimasiyana ndi zimene ananena apongozi ali pambali. Izi ndi za amayi a mtundu uliwonse.

Chiyao chiphunzireni, ngakhale pang'onopang'ono. Yambani ndi moni: "Ajimwiche uli?" m'mawa, "Ali uli?" nthawi ina iliyonse, ndipo mudzamva akuyankha kuti "Ndili chenene." Pa dzina la munthu muziika Che, monga mmene kwanu mumaikira A, ndipo mayi akadzitchula kuti Abiti Uje muitaneni choncho. Adzaseka katchulidwe kanu, ndipo kusekako n'kwabwino, kumamasula. Koma musalonjere m'Chiyao aliyense wolowa pakhomo, chifukwa pamenepo mwayambanso kuganizira. Mnyanja wa m'mbali mwa nyanja adzadabwa. Lonjerani m'Chichewa, mumve mmene akuyankhira, kenako funsani chimene amamasuka nacho.

Choopsa chachikulu ndi Chichewa chapakatikati. Anthu ambiri a kumeneko amatha Chichewa cha pamsika, ndipo mudzaganiza kuti mukumvana. Agogo a kumapiri a ku Namwera adzavomera ndi mutu chilichonse, chifukwa kutsutsa kapena kufunsa munthu wovala yunifolomu n'kosowetsa ulemu. Funso lakuti "Mwamva?" lilibe ntchito, yankho lake ndi inde nthawi zonse. M'malo mwake apatseni mapiritsi m'manja n'kunena kuti, "Pofuna kuona ngati ndafotokoza bwino, tandionetsani mmene mukamwere mawa." Cholakwa chikhale pa inu wofotokoza, osati pa iwo. Akasokoneza, bwerezani ndi womasulira. Womasulirayo akhale wantchito mnzanu wolumbira kusunga chinsinsi, mlangizi wa zaumoyo kapena wothandiza m'wodi, ndipo pa nkhani za uchembere akhale wamkazi. Mwana wa wodwala asamasulire za kumaliseche kapena za magazi a mayi ake. Mayiyo adzabisa, mwanayo adzafewetsa. Mwamuna asamasulire za kulera. Polankhula, yang'anani wodwalayo osati womasulira, nenani ziganizo zifupizifupi, ndipo mukaona kuti wodwala walankhula nthawi yaitali koma womasulira wangoti "akuti mutu," mufunseni kuti zina zija amati chiyani.

Mukafuna kudziwa mmene munthu akuonera matenda ake, pali mafunso amene dokotala wa ku America, Arthur Kleinman, anawatchukitsa cha m'ma 1978, ndipo atatu mwa iwo amakwana pa ntchito yathu: matendawa inu mumawatcha chiyani, mukuganiza kuti anayamba chifukwa chiyani, ndipo chimene mukuopa kwambiri n'chiyani. Onjezani lachinayi, lakuti mwayesapo kale chiyani. Mulifunse ngati chinthu wamba, osakweza nsidze. Mayi akati mwana anamutengera kaye kwa asing'anga kapena kwa ashehe kuti amulembere, inu funsani chimene anamwetsedwa ndi nthawi yake, poti ndicho mukufuna kudziwa. Mukatsonya kamodzi kokha, mudzi wonse udziwa kuti kwa namwino watsopano sitinena zoona.

Za sukulu zili ndi mbiri yake. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali za mishoni, ndipo kulowa sukulu kunkayendera limodzi ndi kuphunzira katekisimu, nthawi zambiri mpaka kubatizidwa ndi kusintha dzina. Makolo achisilamu ambiri anasankha kusunga ana awo ku madarasa. Mpata umene unatseguka nthawi imeneyo sunatsekeke msanga, ndipo lero usodzi, ulendo wa ku Joni ndi kutalika kwa sukulu zimakokanso ana. N'zoona kuti mudzapeza amayi ambiri osatha kuwerenga. Koma kunena kuti sakonda sukulu ndi kusandutsa mbiri kukhala magazi, ndipo kumakupangitsani kufotokoza mwachidule kwa munthu amene mwamuyesa mbuli. Amene satha kuwerenga Chichewa mwina amawerenga zilembo za Chiarabu bwinobwino, ndipo mayi wovala nsalu yakuda mpaka kumapazi mwina ndi mphunzitsi wa ku sekondale. Funso lake ndi losavuta ndipo silichititsa manyazi: "Ndikulembereni, kapena ndijambule dzuwa ndi mwezi pa kapepala ka mankhwala?" Munthu amasankha yekha.

Pali mawu oti muwasiye ku Mchinji. Dzina lakuti Achawa ambiri amalimva ngati chipongwe, ngakhale mutamva ena akudzitchula okha choncho. Inu muziti Ayao. N'chimodzimodzi ndi Anguru kwa Alomwe. Nthabwala za mitundu zimene timaseka pa maliro ndi pa ukwati zimakoma pakati pa anthu ofanana mphamvu. Pakati pa namwino wogwira jakisoni ndi wodwala wogona pa bedi palibe kufanana kumeneko, ndipo wodwalayo adzaseka chifukwa alibe kuchitira mwina.

Mungadziwe bwanji kuti mwayamba kuterereka? Mvetserani pakamwa panu pa nthawi ya tiyi. Mukayamba kunena kuti "anthu akuno," kapena "amenewa," mutatopa ndi mzere wautali, dziwani kuti chayamba. Chizindikiro china chili m'kaundula. Tsegulani la kulera kapena la kuyeza magazi, muone ngati pali midzi kapena maina amene simuwauzako n'komwe za njira zina chifukwa mumadziwa kale kuti akana. Munthu amene sanafunsidwe sanakane. Chachitatu ndi kudabwa. Mukapeza kuti mukuuza mnzanu kuti "koma mayi uja ngakhale ndi Myao ndi wozindikira," ndiye kuti mayiyo mwamuika pambali kuti chithunzi chanu cha ena onse chisasweke. Anzanu ena pa chipatalapo, ngakhale obadwira komweko, adzakuuzani zambiri za "anthu akuno" motsimikiza. Mverani, chifukwa amadziwa njira ndi maina, koma funsani kuti zimenezo anaziona kwa angati, ndipo ndi liti.

Mudzalakwitsabe nthawi zina. Mudzatambasula dzanja kwa bambo wachikulire amene sagwirana chanza ndi akazi, kapena mudzapereka chinthu ndi dzanja lamanzere. Pepesani mwachidule, funsani mmene akufunira, pitirizani ntchito. Pa chanza, njira yosavuta ndi kulonjera ndi mawu, n'kusiya mwiniwake ayambe kutambasula. Pa imfa m'wodi, mabanja ambiri achisilamu amafuna kuika maliro tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo thupi amasambitsa okha, amuna kwa mwamuna, akazi kwa mkazi. Choncho musachedwetse mapepala, ndipo musanakhudze thupi kupitirira kuchotsa madiripi ndi machubu, funsani wamkulu wa banjalo kuti pali zimene akufuna zichitike kapena zisachitike. Funso lomwelo mulifunsenso banja lachikhristu la pa bedi loyandikana.

M'kabuku ka wodwala muzilemba zimene wanena, osati gulu limene mwamuikamo. Mawu akuti "Msilamu" sauza akiliniko a mwezi wamawa chilichonse chogwirika. Koma mukalemba kuti akufuna kumanga chaka chino, chaka chatha anagwa kawiri masana, mankhwala tasamutsira pomasula, wodziwitsidwa ndi mchemwali wake, amamasuka ndi Chiyao, abwerenso pakatha sabata imodzi chiyambire kumanga kuti tidzayeze shuga masana, aliyense wotsegula kabukuko adziwa pomwe ayambire.